Ngongole ya madola ikusokoneza masamu a pulojekiti ya makwacha

K350,000 yodzabwera patatha zaka zisanu siyofanana ndi K350,000 ya lero. Kampani ikamaganiza zogula makina imachepetsa ndalama zam'tsogolozo ndi peresenti inayake, ndipo peresentiyo imachokera pa zimene mpamba wake ukuidyera: chiwongoladzanja cha ngongole ndi phindu limene eni masheya akuyembekezera, chilichonse molingana ndi gawo lake. M'mabuku amalemba kuti WACC.

Tiyerekeze kampani yogaya unga ku Chinika, manambala ake ndi achitsanzo chabe. Eni ake ali ndi K6 miliyoni m'bizinesiyi, banki K4 miliyoni pa 25 peresenti. Popeza chiwongoladzanja chimachotsedwa msonkho wa makampani wa 30 peresenti usanawerengedwe, ngongoleyo ikudya 17.5 peresenti. Koma kuchotsako kumagwira ntchito ngati pali phindu lokhomerapo msonkho. Mbali ya eni ake palibe pepala lolembedwa, choncho timayambira pa zimene mabondi a boma akupereka ku Banki Yaikulu ya Zambia, tinene 20 peresenti, n'kuwonjezera 8 chifukwa chigayo chingathe kugwa. Yakwana 28. Pa K10 miliyoni yonse, gawo la eni ake ndi 0.6, la banki ndi 0.4.

```
WACC = 0.6 × 28 + 0.4 × 25 × (1 − 0.30) = 23.8
```

Makina atsopano ndi a K1,000,000 ndipo azibweretsa K350,000 pachaka kwa zaka zisanu. Gawani ndalama ya chaka choyamba ndi 1.238, yomwe ndi 1 kuphatikiza 23.8 peresenti ija, ya chaka chachiwiri ndi 1.238 kawiri, mpaka chaka chachisanu. Zonse pamodzi zikwana pafupifupi K965,000. Makinawo sakubweza mtengo wake, aperewera K35,000.

Apa ndi pamene ambiri mu Lusaka muno amapunthwa. Wogulitsa makina akabwera ndi ngongole ya madola pa 10 peresenti, wowerengera ndalama amangochotsa 25 n'kuika 10. WACC imatsika kufika pa 19.6, ndalama zija n'kukwera kufika pa K1,056,000, ndipo pulojekiti yomwe ija ioneka ngati ili ndi phindu la K56,000. Phindulo kulibe. Unga ukugulitsidwa m'makwacha ku Soweto ndi ku Matero, pomwe ngongole idzabwezedwa m'madola. Ngati mukuyembekezera kuti dola izikwera ndi 12 peresenti pachaka, mtengo weniweni wa ngongoleyo m'makwacha ndi 1.10 kuchulukitsa ndi 1.12, zomwe zikwana 1.232, ndiye kuti 23.2 peresenti. Ikani nambala imeneyo, WACC ibwera pa 23.3, ndipo makina aja aperewerabe.

Chizindikiro chake n'chosavuta kuona. Mukapeza kuti kampani ikuoneka ngati ikubwereka motchipa kwambiri kuposa boma lenilenilo, fufuzani, nthawi zambiri madola ndi makwacha asakanizidwa.

Komanso 23.8 ija ndi ya ntchito yogaya, yomwe kampaniyi ikuidziwa bwino. Ikafuna kuyamba kuweta nkhuku ku Chongwe, iyang'ane zimene osunga ndalama amayembekezera ku makampani a nkhuku, iwerengenso mbali ya eni ake kuchokera pamenepo.