Zoti ukanene mkalasi: ndani amauza banki yaikulu chochita pa chiwongola dzanja?

Ana a sukulu kuno ku Luchenza amandifunsa kawirikawiri za mutu umenewu popeza ndagwira ntchito za ngongole kwa zaka, nde nayi mmene ine ndingayankhulire nditaima kutsogoloko.

Aphunzitsi, anzanga nonse, zikomo. Mu Febuluwale 2024 komiti yoona za ndalama ku Reserve Bank of Malawi inakweza polise reti kuchoka pa 24 kufika pa 26 peresenti. Apa nkuti kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, infuleshoni, kapena kuti kukwera mitengo kwa zinthu, itadutsa 30 peresenti. Polise reti ndi mlingo umene mabanki amayang'anapo poika chiwongola dzanja cha ngongole zawo, ikakwera nawonso amakweza.

Tiyerekeze mayi wogulitsa nanazi pa Chitakale watenga K1,000,000 pa 30 peresenti, pakutha pa chaka aonjezerapo K300,000. Banki ikakweza kufika 32, ndi K320,000. Zimawawa ndithu, koma cholinga chake nchomwecho, anthu abwereke pang'ono, ndalama zisachuluke mmanja kuposa katundu amene alipo pamsika, mitengo ifatse.

Nde taganizani, ndi wandale uti angafune zimenezi masankho ali pafupi? Palibe. Iye amafuna ngongole zotchipa, komanso boma likasowa ndalama limafuna banki yaikulu ilibwereke basi, zomwe sizisiyana nkusindikiza ndalama popanda chimanga chaonjezereka olo thumba limodzi. Kuima paokha kwa banki yaikulu ndikoti Gavanala athe kunena kuti ayi, mawa lake nkupezekabe pa ntchito. Inde amamusankha ndi pulezidenti, nchifukwa chake musamangowerenga lamulo lokha, muziona zochitika. Ku Turkey mu Malichi 2021 pulezidenti Erdogan anachotsa Gavanala Naci Agbal atangokweza reti kufika 19 peresenti, olowa mmalo anayamba kutsitsa, pofika Okotobala 2022 infuleshoni inali pa 85 peresenti.

Njira yachidule yoyezera nayi: chotsani infuleshoni pa reti. 26 kuchotsa 30 yatsala pansi pa ziro, kutanthauza kuti olo wina akupatseni 26 peresenti pa K100,000 yanu, mupeza K126,000 pomwe katundu yemweyo akufuna K130,000. Nde 26 ija ikuoneka yaikulu koma sinali yolimba mmene anthu ankadandaulira.

Wina afunsa kuti nanga reti ingatsitse chimanga? Yankho langa ndi ayi. Namondwe Freddy atakokolola minda kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo mu Malichi 2023 chimanga chinakwera chifukwa kunalibe, komiti singadzale mbeu. Chomwe reti imatha ndikutchinga kuti kukwera kwa chimangako kusafalikire ku lendi, thiransipoti ndi malipiro, ndipo zotsatira zake zimatenga miyezi kuti zioneke. Mafunso alipo, aphunzitsi?