Chikalata cha pa sitolo ya mbewu ndi fataleza chizinena zinthu zinayi

Okutobala akafika, zitseko za masitolo a zaulimi ku Chipata, ku Katete ndi ku Lundazi zimadzaza ndi mapepala olembedwa kuti "Mbewu yafika, fataleza aliko", pansi pake mtengo. Uthenga womwewo umayendanso pa mafoni. Ine ntchito yanga ndi ya ulangizi, ndipo zimene ndimapeza m'minda mu Disembala nthawi zambiri zimayambira pa pepala limeneli. Mlimi amagula atangoona mtengo, osadziwa kuti katunduyo ndi wa munda wotani, akwanira malo aakulu bwanji, wakhala nthawi yaitali bwanji, ndiponso akamuika pati kunyumba. Inu ogulitsa mukalemba zinthu zinayi zimenezi, mlimi amasankha bwino, ndipo sabwera kudzakangana nanu mbewu ikakana kumera.

Kulemba kuti "mbewu ya chimanga" sikokwanira. Pa mbewu zambiri, nambala imene ili pa dzina lake imanena kutalika kwa nthawi yocha. Za m'gulu la 400, monga SC 403, zimacha msanga, pa miyezi pafupifupi inayi. Za m'gulu la 700, monga SC 719, zimafuna miyezi isanu yathunthu ndi mvula yosadukiza. Kumtunda kuno mvula imagwa pakati pa mamilimita 800 ndi 1,000 pa chaka, koma kuchigwa cha Luangwa, ku Mambwe, imachepa ndipo kumatentha. Mlimi wa kuchigwa, kapena wa kumtunda amene wachedwa kubzala mpaka kumapeto kwa Disembala, akatenga mbewu yochedwa kucha, mvula imatha chimanga chisanakhwime. Choncho pafupi ndi dzina la mbewu lembani kuti ndi yocha msanga kapena yochedwa, ndi madera amene ikuyenera. Fataleza nayenso asalembedwe dzina lokha. D Kompaundi, wa manambala 10-20-10, ndi wapansi, wothira pobzala. Yureya, amene ali ndi naitirojeni magawo 46 pa 100, ndi wapamwamba, wothira chimanga chikafika m'mawondo. Amene akubzala soya kapena nshawa safunika yureya, chifukwa mbewu zimenezi zimadzipezera naitirojeni kudzera m'timapundu ta m'mizu.

Pa kuchuluka, mlimi sawerenga munda wake m'makilogalamu. Amawerenga malima. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi, ndipo malima anayi ndiwo hekitala. Pa chimanga, muyeso umene alangizi timaphunzitsa pa lima ndi makilogalamu 5 a mbewu, thumba limodzi la D Kompaundi la makilogalamu 50, ndi thumba limodzi la yureya. Ndiye paketi ya makilogalamu 10 ilembedwe kuti "ikwanira malima awiri". Mayi amene ali ndi malima awiri akawerenga zimenezo amadziwa yekha kuti akufunika paketi imodzi ndi matumba anayi, ndipo ngati ndalama yake ikufika pa matumba awiri okha, kuli bwino asamalire lima imodzi kusiyana ndi kumwaza pang'onopang'ono munda wonse. Ngati mwatsegula thumba n'kumagulitsa pa meda, nenani poyera kuti ndi wotsegula ndipo lembani kulemera kwake m'makilogalamu, chifukwa meda za anthu sizilingana.

Nkhani ya tsiku ndi imene ndikufuna tiimepo, poti ambiri amaisokoneza. Mbewu ndi yamoyo, ndipo imafa pang'onopang'ono ngakhale paketi ili yotseka. Fataleza alibe moyo. Akasungidwa pouma amatha kudikira nyengo ina osataya mphamvu. Choncho pa mbewu, tsiku ndi lofunika kwambiri. Mbewu yovomerezeka imakhala ndi kalebulo kosonyeza kuti inadutsa m'manja mwa bungwe la boma loyesa ndi kuvomereza mbewu la SCCI la ku Chilanga, ndipo pa kalebuloko pamakhala nambala ya gulu la mapaketi amene mbewu yake inayesedwa pamodzi, tsiku limene inayesedwa, ndi kuchuluka kwa njere zimene zinamera pa 100. Koperani zonsezi pa chikalata chanu monga momwe zilili, pamodzi ndi tsiku lothera ngati kampani yalemba. Nambala ya kameredwe ija imanena za tsiku limene mbewu inayesedwa. Sinena za lero.

Soya ndiye amapweteketsa anthu. Njere yake ili ndi mafuta ambiri ndipo khungu lake ndi losachedwa kusweka, motero kutentha kwa Okutobala pansi pa malata kumaipha msanga kuposa chimanga. Tinene kuti m'sitolo mwatsala thumba la soya la chaka chatha, kalebulo kakuti zimamera 85 pa 100. Musanalilembe pa chikalata, tapani njere pamwamba, pakati ndi pansi pa thumba, muwerenge 100, muziyale pa saka yonyowa, muipinde ndi kuiika pamthunzi, muziwaza madzi tsiku lililonse. Pakatha sabata werengani zokhazo zimene zatulutsa muzu ndi mphukira zolimba. Mukapeza 60, ndiye kuti pamene mlimi akanabzala makilogalamu 20 pa lima afunika pafupifupi 28 kuti mizere idzaze, ndipo ngakhale zomerazo zimakhala zofooka zikakumana ndi dothi louma pamwamba. Maganizo anga ndi akuti thumba lotere lisagulitsidwe ngati mbewu. Kuyesa kwa pa saka kumangokuchenjezani. Mbewu yogonera imene mukufuna kugulitsa ibwerere kwa oyesa ovomerezeka ikalandire tsiku latsopano. Mlimi nayenso ayese yake sabata ziwiri mvula isanagwe, nthawi yobweza ikadalipo, ndipo asunge risiti ndi kalebulo. Inokulanti wa soya, ufa wakuda uja wopaka ku njere, muli tizilombo tamoyo. Tsiku lake likapita, kapena akakhala padzuwa pawindo la sitolo, ndiye kuti watha ntchito ngakhale akuoneka bwinobwino.

Pa fataleza, m'malo modalira tsiku lokha, lembani mmene thumba lilili: lotseka, louma, njere zake zikuyenda mukaligwedeza. Yureya amakoka chinyezi cha mumpweya. Akaikidwa pasimenti kapena pakhoma lonyowa amayamba kunyowa m'makona, kenako amaumbika kukhala chibuma. Chibumacho mukhoza kuchiphwanya, koma sichithirika mofanana, phando lina limalandira wambiri mpaka kupserera, lina osalandira kanthu. Thumba limene likuchucha madzi pansi lataya kale gawo la fataleza wake.

Malangizo a kasungidwe akhale mizere iwiri yokha, yolembedwa pansi pa katundu aliyense. Matumba akhale pa mathabwa, asakhudze pansi kapena khoma, ndipo lotsegula limangidwe pakamwa mwamphamvu. Mbewu ikhale pozizira ndi pouma, kutali ndi khitchini, ndiponso isasanjikidwe pamwamba pa fataleza, chifukwa chinyezi ndi mchere wake zimawononga njere. Onjezani mawu akuti mbewu yopakidwa utoto ili ndi mankhwala, siyodya kapena kupatsa nkhuku, ndipo ana asaifikire. Mzere wathunthu ungaoneke motere: "Chimanga SC 403, chocha msanga, choyenera kuchigwa ndi kwa obzala mochedwa. Makilogalamu 10, malima awiri." Pambuyo pake pabwere tsiku loyesedwa ndi nambala ya gulu kuchokera pa kalebulo, mtengo, ndi mawu a kasungidwe aja. Paketi ikakhala ndi nambala ina ya gulu pa kalebulo, ilembedwe pa mzere wakewake, chifukwa masiku ake ndi osiyana.