Kuwerenga kugunda kwa mtima pa masewera olimbitsa thupi: uthenga kwa aphunzitsi a ku sekondale

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi 60 patsiku, mwamphamvu ndithu osati mongoyendayenda. Kuti wophunzira adziwe ngati thupi lagwiradi ntchito, pamangofunika zala ziwiri ndi wotchi imodzi ya mphunzitsi.

Yambani ophunzira atakhala phee kwa mphindi zisanu. Aliyense atembenuze dzanja, aike chala cholozera ndi chapakati pamene pamakhala lamba wa wotchi, mbali ya chala chachikulu, n'kudina pang'ono mpaka amve mtsempha ukugunda. Chala chachikulucho asachigwiritse ntchito, chili ndi kugunda kwakekwake ndipo chimasokoneza. Mukati "yambani" awerenge chamumtima, pakatha masekondi 15 muwaimitse, achulukitse ndi 4. Munthu akamapumula, mtima umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, ndipo ozolowera kuthamanga amatsika kuposa apo.

Malire a kugunda kwa mtima timawayerekeza pochotsa zaka za munthu pa 220. Kwa mtsikana wa zaka 16 wa Fomu 3, malire ndi 204. Masewera a mphamvu yapakatikati amafikitsa mtima pa 50 mpaka 70 peresenti ya malirewo, omwe ndi 102 mpaka 143 pa mphindi. Olemetsa ndi 70 mpaka 85 peresenti, kapena kuti 143 mpaka 173. Pabwalo palibe amene amafuna masamu ali wefuwefu, choncho gawiranitu manambalawa ndi 4 mudakali m'kalasi. Mtsikana uja akawerenga 26 mpaka 35 pa masekondi 15 ali pakatikati, 36 mpaka 43 ali pa zolemetsa. Akapeza 22 atachoka mu netibolo, ndiye kuti mpira sunkamupeza kwenikweni.

Cholakwika chofala ndi kuchedwa. Mtima umayamba kutsika munthu akangoima, ndiye wophunzira akataya theka la mphindi akufufuza mtsempha, nambala imatuluka yochepa. Kuphonya kugunda kumodzi kokha kumasanduka 4 pa mphindi. Tsimikizani pomulankhulitsa: amene ali pakatikati amatha kucheza koma sangaimbe, pamene amene ali pa zolemetsa amatulutsa mawu ochepa n'kupuma kaye.

Malire a 220 aja ndi ongoyerekeza, ndipo ana a msinkhu umodzi amasiyana, choncho musachite nawo mpikisano. Kutentha kwa mu Okutobala, ludzu, malungo ndi kuchepa kwa magazi zimakweza kugunda kwa mtima ngakhale masewera ali opepuka. Mwana wotentha thupi asathamange tsiku limenelo. Wophunzira akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika kosazolowereka, kapena akakomoka, aimitsidwe pomwepo ndipo apite kuchipatala. Apitenso amene mtima wake ukugunda modumphadumpha, kapena ukupitirira 100 tsiku ndi tsiku ali chikhalire.