Chenjezo la vayirasi likadzaza sikirini yonse, musaimbe nambalayo

Amayi ndi abambo amene mumawerenga nkhani pa kompyuta, tsiku lina mukhoza kuona sikirini yonse itasanduka yabuluu kapena yofiira, kompyuta ikulira ngati belu la ngozi, ndipo mawu akulu akunena kuti mwalowa vayirasi, musazimitse, muimbe nambala yomwe yalembedwa pamenepo. Nthawi zambiri pamakhalanso chizindikiro cha Microsoft kapena cha Apple. Zonsezo ndi tsamba chabe la pa intaneti lomwe akathyali alikonza kuti lioneke ngati uthenga wa kompyuta yanu, ndipo pa nthawi imeneyo palibe chomwe chaonongeka. Umboni wake ndi nambala ya foniyo, chifukwa mauthenga enieni a Windows sauza munthu kuti aimbe foni.

Choyamba chotsani dzanja pa mausi. Musadine kalikonse mkati mwa chenjezolo, ngakhale kachizindikiro ka X kapena mawu akuti Cancel, popeza mabataniwo ndi ojambulidwa ndi akathyali omwewo, ndipo kuwadina ndi komwe kumachititsa tsambalo kudzaza sikirini. Ngati phokoso likukusowetsani mtendere, tsitsani mawu kuti muganize bwino.

Kenaka funani batani lolembedwa Esc, lomwe lili pangodya yapamwamba kumanzere kwa kiyibodi. Musangolikhudza, koma lipanikizeni kwa masekondi atatu kapena anayi, chifukwa masamba enawa amakonzedwa kuti asamve mukalidina kamodzi. Likakana, yesani F11, mumzere womwewo wapamwamba. Zikatheka mudzaona mzere wa pulogalamu yotsegulira intaneti, Chrome kapena Edge, wabwereranso pamwamba, ndipo apa mudzaona ndi maso anu kuti chinthu choopsacho chinali tsamba limodzi pakati pa ena. Gwirani Ctrl ndi kudina W kuti tsambalo litsekeke. Pakabwera funso loti mukufunadi kuchoka, sankhani Leave.

Pali nthawi zina pomwe mausi amasowa ndipo Esc samveka. Zikatero gwirani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, ndipo padzatseguka Task Manager, womwe ndi mndandanda wa mapulogalamu amene akugwira ntchito. Dinani pa dzina la Google Chrome kapena Microsoft Edge, kenaka pa End task. Amene muli ndi Mac mugwire Option, Command ndi Esc, musankhe Safari kapena Chrome, ndi kudina Force Quit. Ngati zala zikukanika kugwira mabatani atatu nthawi imodzi, zomwe si zachilendo, panikizani batani loyatsira kompyuta kwa masekondi khumi mpaka izime. Chenjezolo linati musazimitse pofuna kungokuopsezani; chomwe mungataye ndi kalata yomwe munali musanaisunge, osati zithunzi za adzukulu.

Apa ndi pomwe ambiri amagwanso m'mbuna yomweyo. Mukatsegulanso Chrome kapena Edge, imakufunsani ngati mukufuna kubwezeretsa masamba omwe anatsekeka mwadzidzidzi, ndipo pamakhala batani lolembedwa Restore. Mukalidina, chenjezo lija limabwerera ndi phokoso lake lomwe, ndipo munthu amayamba kukhulupirira kuti vayirasi ilipodi. Tsekani kabokosi kameneko osadina Restore.

Kuti mtima ukhale m'malo, dinani Start, lembani Windows Security, sankhani Virus & threat protection, kenaka Quick scan, ndipo dikirani mphindi zochepa. Ngati timauthenga ta vayirasi tikupitirira kutulukira pangodya yapansi kumanja, ndiye kuti tsamba lina linapatsidwa chilolezo chotumiza mauthenga pamene munadina Allow tsiku lina. Mu Chrome, lembani izi pamalo olemba adiresi ya tsamba:

```
chrome://settings/content/notifications
```

Pa masamba ololedwa, chotsani lililonse lomwe dzina lake simukulidziwa.

Nkhani imakula ngati munaimba nambala ija. Munthu woyankha amalankhula mwaulemu kwambiri, ndipo amakupemphani kuika pulogalamu monga AnyDesk kapena TeamViewer. Mapulogalamuwa paokha si oipa, koma amalola munthu wakutali kuyendetsa kompyuta yanu ngati wakhala pampando wanu, moti mumaona mausi akuyenda okha. Ngati zinafika pamenepo, dulani foni, zimitsani kabokosi ka intaneti kapena kompyuta yomwe, ndipo musaiyatsenso mpaka mwana wanu kapena katswiri wodalirika atachotsa pulogalamuyo. Ngati munatchula nambala za khadi kapena munatsegula akaunti ya kubanki iye akuona, imbani kubanki tsiku lomwelo pogwiritsa ntchito nambala yomwe ili kumbuyo kwa khadi lanu. Mawu achinsinsi a imelo musinthire pa foni kapena pa kompyuta ina, ndipo muyambire imelo chifukwa ndi yomwe imatsegula maakaunti ena onse. Yembekezeraninso kuti pakapita masiku anthu omwewo adzaimba ponamizira kukubwezerani ndalama, musawayankhe.