Akamayankha kuti "Eya" basi, yambani mwaona funso lanu

Mnyamata wina wa kwathu, amene amawotcherera zitsulo ndipo amakhala ku Rosettenville, anabwera kwa ine atagwira foni m'manja, nkhope ili yakugwa. Anali atasankhana ndi mtsikana pa Tinder, pulogalamu ya pafoni yopezerapo zibwenzi, ndipo onse anali atalemba kuti ndi a ku Malawi, chinthu chimene kuno ku Joni chimasangalatsa mtima. Koma macheza awo a masiku anayi anali otere: "Muli bwanji?" "Bwino." "Mwaswera?" "Eya." "Mwadya?" "Eee." "Kumudzi n'kuti?" "Mangochi." Mnyamatayo anati, "Amayi, ameneyu sakundifuna, eti?"

Pa ntchito yanga ya uphungu wa maubwenzi ndi mabanja, funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, ndipo sindiliyankha ndisanawerenge mbali ya wofunsayo. Ndinamuuza kuti awerenge mokweza mauthenga ake okha, n'kundiuza kuti iyeyo akanayankha chiyani. Anakhala kaye chete, kenako anavomera kuti akanayankhanso chimodzimodzi.

Moni wathu ali ndi yankho lake lokhazikika. Tikakumana panjira, "Muli bwanji?" amatsagana ndi kugwirana chanza, kumwetulira, kuima pang'ono, ndipo nkhani imabadwira pamenepo. Pafoni zonsezo palibe, pamatsala mawu okhaokha. "Mwadya?" ndi funso lachikondi kwa munthu amene mumadziwana kale, koma kwa mlendo lilibe poti agwire. Mnyamatayu anafunsa mafunso anayi otsekeka, ndipo iye sananenepo kalikonse za moyo wake. Mtsikanayo ankangoyankha ngati ali pa kauntala ya ku Beitbridge.

Tisanakonze kalikonse, tinayang'ana nthawi za mayankhowo. Onse ankabwera cha m'ma 6 koloko m'mawa kapena itadutsa 8 koloko usiku, ndipo palibe uthenga umene unagona osayankhidwa. Chizindikiro chimenecho n'chachikulu. Munthu amene sakufuna amachedwetsa yankho tsiku ndi tsiku mpaka kuzimiririka. Amene amayankha mwachidule koma mosaphonya, pa nthawi zomwezomwezo, nthawi zambiri amakhala womangika ndi ntchito. Alongo athu ambiri amagwira ntchito zam'nyumba ku Fourways kapena ku Randburg, ena amagona konko, ndipo foni amaigwira mobisa abwana akatuluka. Alonda amaima maola khumi ndi awiri. Wina ali pamzere wa takisi pa Bree, ndipo munthu wanzeru satulutsa foni pamenepo kuti alembe ndime yonse. Palinso mwambo umene tinakula nawo, woti mkazi akamafunsiridwa asaonetse changu, ayambe ndi "ndikaganize kaye". Mwambowu unawoloka nafe malire ndipo unalowa m'mafoni.

Ndiye tinabwerera ku liwu limodzi lenileni limene mtsikanayo anapereka, Mangochi. Mnyamatayu analilumpha n'kufunsa za ntchito. Apa ndi pamene anthu ambiri amataya macheza: amatenga yankho lalifupi ngati khomo lotsekedwa, n'kuthamangira kukagogoda lina. Mu 2017 akatswiri a pa yunivesite ya Harvard anasindikiza kafukufuku wa mmene anthu osadziwana amachezera, kuphatikizapo amene amakumana kwa mphindi zochepa pofuna chibwenzi. Anapeza kuti amene ankafunsa mafunso otsatira zimene mnzawo wangonena ndi amene ankakondedwa kwambiri, ndipo mwayi wawo woitanidwa kuti akumanenso unali wokulirapo. Funso lotsatira limauza munthu kuti wamvedwa.

Uthenga umene tinalemba pamodzi unali wotere: "Ku Mangochi ndinafikako kamodzi ndili mwana, ndimakumbukira mlatho wa pa Shire ndi chambo chowotcha. Ine ndine wa ku Ntcheu, nsomba timangoionera pamsika. Inu kwanu ndi kunyanja kapena kumtunda, cha ku Namwera?" Taonani mmene wamangidwira. Wayamba ndi liwu la mtsikanayo. Kenako mnyamatayo waikapo kanthu kake, kakang'ono, kamene kangathe kusekedwa kapena kutsutsidwa. Funso ndi limodzi lokha ndipo lili ndi njira ziwiri, kotero munthu wotopa angathe kuliyankha ndi liwu limodzi, koma liwu limenelo likhala latsopano, lopereka pogwira pena. Ziganizo ndi zitatu basi. Munthu amene amalemba mawu awiri mukamutumizira ndime zisanu, mwamusenzetsa ngongole imene sangabweze, ndipo ambiri amangothawa.

Yankho linabwera usiku womwewo: "Kunyanja. Ntcheu mumadya mbatata basi kkk." Mawu ndi ochepabe, koma asintha mtundu. Mtsikanayo wawonjezera chimene sanafunsidwe, ndipo wanena za mnyamatayo. Zimenezi ndi zimene ndimauza anthu kuti aziyang'ana, osati kutalika kwa uthenga: kodi pali kanthu kowonjezera? Kodi wayamba kubweza funso, ngakhale "nanga inu?" chabe?

Patapita masiku awiri ndinamulangiza kuti apemphe kutumiza uthenga wamawu. Chifukwa chake n'chakuti si onse amene amamasuka polemba. Wina anakula akulankhula Chiyao kapena Chitumbuka, wina sukulu anailekeza panjira ndipo amachita manyazi ndi kalembedwe kake, koma mukamumva akulankhula simungamuletse. Kupempha kwake kukhale kopatsa ufulu: "Ine kulemba ndimachedwa. Ngati simudandaula tingamatumizirane mawu pa WhatsApp, koma ngati mukufuna tipitirize pompano palibe vuto." Nambala ya foni si chinthu chaching'ono kwa mkazi wokhala yekha mumzinda uno, ndipo akakana musaumirize. Muzikumbukiranso kuti mawu ndi zithunzi zimadya bandulo kuposa zolemba.

Pali mafunso amene kwathu ndi wamba koma kuno amatseka pakamwa pa munthu nthawi yomweyo. "Muli ndi mapepala?" "Mumakhala nyumba iti, msewu uti?" "Amakulipirani zingati?" Mlendo akafunsa zimenezi, munthu amene amakhala ndi nkhawa ya apolisi kapena ya achifwamba amabwerera ku "eya" ndi "ayi", ndipo akuchita bwino kutero. Zimandipweteka kuona macheza abwino akufera pa funso la mapepala, lofunsidwa ndi munthu amene sanali ndi cholinga choipa.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Ine ndimalola kuyesa katatu, pamasiku osiyana, ndi mauthenga omangidwa monga tachitira pamwambapa. Ngati pa katatu ponsepo yankho likubwera lopanda chowonjezera, lopanda funso lobweza, ndiponso likuchedwerachedwera, funsani kamodzi mosabisa komanso mopanda mkwiyo: "Ndasangalala kukudziwani, koma sindikufuna kukutopetsani. Mukufuna tipitirize kucheza?" Mukatero dikirani. Musatumize "mwakwiya?", zizindikiro za funso zondondozana, kapena mawu onyoza. Akapanda kuyankha, ndiye kuti wayankha.

Samalaninso ndi munthu amene mayankho ake ndi aafupi pa chilichonse, koma amatalika mwadzidzidzi ikafika nkhani ya eyataimu, ndalama ya takisi kapena m'bale amene wadwala kumudzi, musanaonane n'komwe. Pamenepo vuto si mafunso anu, ndipo palibe luso la kacheza limene lingakonze zimenezo. Musatumize ndalama.

Mnyamata uja atabweranso, anandionetsa kuti macheza afika pa mauthenga amawu a usiku uliwonse, ngakhale zolemba za mtsikanayo zinali zikadali za mawu atatu kapena anayi. Tinakambirana za kukumana koyamba, ndipo ndinati asankhe malo a anthu ambiri, masana, pa tsiku limene mtsikanayo amapuma, aliyense abwere yekha ndi kubwerera yekha. Anagwirizana Lamlungu, 2 koloko masana, ku Zoo Lake.