Kasitomala wofufutidwa akatsalira ku malipoti

"Timakopera zosintha kuchoka ku database yathu kupita ku ya malipoti usiku uliwonse ndi `updated_at`. Ndiye zofufutidwa nazonso zimachoka zokha, eti?"

Ayi achimwene, ndipo maganizo amenewa asokoneza ambiri kuno ku Lusaka. Mzere ukafufutidwa ndi `DELETE`, umapita pamodzi ndi `updated_at` yake, yomwe imasunga nthawi imene mzerewo unasintha komaliza. Pulogalamu yanu imafunsa za mizere yomwe yasintha kuyambira dzulo, ndipo womwe kulibe sungayankhe.

Ndinaziona ndekha pa shopu ina ku Kamwala. Kasitomala anafufutidwa m'kompyuta ya pa kauntala, koma kumalipoti ankaonekabe ndi ngongole yake, mpaka anamuimbira foni kumulonjerera ndalama zomwe analipira kalekale. Zinandiwawa.

Ngati gwero, database yomwe mumakoperako, ndi lanu, musafufute mzere. Udindeni chizindikiro:

```sql
UPDATE customers
SET deleted_at = now(), updated_at = now()
WHERE id = 42;
```

Mukaiwala `updated_at` apa, chizindikirocho sichiwoloka kupita ku malipoti. Komanso musachotseretu mzere wodindidwawo kukopera kusanachitike.

Ngati gwero ndi la eni ake, tengani ma `id` onse a kugwero ndi a kwanu, muwayerekeze. Opezeka kwanu kokha ndiwo ofufutidwa. Koma onetsetsani kaye kuti mndandanda wa kugwero wafika wathunthu, chifukwa netiweki ikaduka pakati mudzafufuta makasitomala amoyo.