Mita ya magetsi ya prepaid kapena ya bilu? Kuizindikira pa chithunzi chokha

Ejenti wanditumizira chithunzi cha mita ya nyumba ina ku Area 25, akuti ndi ya mayunitsi. Ndidziwa bwanji kuti sakundipusitsa?

Choyamba yang'anani mabatani achimwene. Mita ya mayunitsi imafuna poti mulowetsepo tokeni ija ya manambala 20 imene mumagula pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiye pamakhala mabatani a 0 mpaka 9 ngati a foni yakale, pamwamba pake kasikirini. Mukaona zimenezo mwatsala pang'ono, koma musathamangire kupereka dipoziti, kulitsani chithunzicho mufufuze zilembo zakuti kWh. Ndikutero chifukwa masiku ano mita zina za madzi muno mu Lilongwe nazonso zili ndi kabokosi ka mabatani, ndipo pachithunzi cha mdima zimafanana zedi. Ya madzi imalembedwa m³, ya magetsi kWh, basi.

Nanga pachithunzi changa pali kabokosi ka mabatani kokha, kakang'ono, kopanda mawaya akuluakulu. Ndi mita imeneyi?

Ayi, kameneko ndi kothandizira chabe. Pali mtundu wa mita ya mayunitsi wogawidwa pawiri, mita yeniyeni amaiika panja m'bokosi kapena pamwamba pa polo, m'nyumba amangokusiyirani kabokosi kolowetsera tokeni ndi kuonera mayunitsi otsala. Ndiye mukaona bokosi la panja lopanda mabatani musafulumire kunena kuti ndi ya bilu, funsani kaye ngati kabokosiko kali mkati. Ambiri amasokonekera pomwepa.

Kwa agogo ku Kawale kuli mita ya galasi, mkati muli chinthu chozungulira. Imeneyi ndi iti?

Imeneyo ndi yakale ija yodikira bilu kumapeto kwa mwezi, simulowetsamo kanthu. Chozunguliracho ndi kambale kachitsulo kogona chopingasa, kali ndi kachizindikiro kakuda kapena kofiira m'mphepete, mukayatsa ayironi kapena hotipuleti kamathamanga, mukazimitsa zonse kamaima. Pachithunzi simuona kuzungulirako koma mudzaona mpata wopyapyala pomwe kambaleko kakuonekera, ndipo penapake palembedwa rev/kWh. Za magetsi zatsopano m'malo mwake zimalembedwa imp/kWh ndipo zili ndi kagetsi kofiira kophethira.

Manambala a mita yakaleyo amakhala pa timawilo ngati ta makilomita a galimoto yakale. Mukaona 04718 kenako 3 wofiira kumapeto, wofiirayo ndi kachidutswa ka yuniti, ndiye kuti 4718.3, osati 47183 ayi, mungakomoke nayo bilu yongodziwerengera nokha. Palinso zina zokhala ndi timawotchi tinayi kapena tisanu, tamivi. Izi n'zovutako chifukwa kamodzi kamazungulira chakumanja kotsatira chakumanzere, ndipo muvi ukakhala pakati pa manambala awiri mumatenga laling'ono, kupatula pakati pa 9 ndi 0 pomwe mumatenga 9. Chithunzi chojambulidwa chammbali chimanamiza pamenepa, auzeni ajambule ataima kutsogolo kwenikweni.

Mita ina ili ndi sikirini koma mabatani palibe, kabokosi mkatinso kulibe. Landilodi akuti tizingomupatsa ndalama iyeyo.

Apa ndiye pofunika zithunzi ziwiri, chimodzi lero china mawa nthawi yomweyo. Ya mayunitsi nambala yake imatsika, ya bilu imangokwera. Tinene lero pakuoneka 43.6 mawa 38.2, ndiye kuti ndi ya mayunitsi ndipo nyumbayo yadya mayunitsi 5.4 tsiku limodzi. Koma ngati lero ndi 4718 mawa 4724, ikuwerenga zonse zomwe zadutsa chiyikireni. Chenjezo lake, sikirini zina zimasinthasintha zomwe zikuonetsa, ndiye yerekezani manambala a malo amodzimodzi, kapena apempheni kavidiyo kakafupi.

Komabe mmene mwafotokozeramu ine ndikukayikira kuti imeneyo ndi kamita kamene landilodi anagula yekha kuti azigawira bilu kwa alendi a pa poloti, kamakhala kakang'ono, nthawi zambiri pafupi ndi mabuleka. Tokeni simungagule pa iko, mayunitsi amalowa pa mita yaikulu ya ESCOM, ndipo akatha kumeneko nonse muli mumdima ngakhale inu munalipira kale.

Ndiye ndiwauze ajambule chiyani kwenikweni?

Nkhope yonse ya mita, masana, osayatsa fulashi chifukwa imawala pagalasi n'kubisa manambala. Nambala ya mita ioneke bwino, imakhala pafupi ndi timizere ta bakhodi, pa za mayunitsi kawirikawiri ndi manambala 11. Kenako pemphani meseji ya tokeni yomaliza imene anagula mufananize nambala ya mita ili mmenemo ndi ya pachithunzi. Zikasiyana, mwina akutumizirani mita ya neba.